Kupatsa mayina nyama za m'nthano

"Ndikupekera ana anga kuno ku Mchinji nthano ya kalulu, fisi ndi kamba. Ndiwatche mayina otani?"

Mayi, yambani ndi kulembera nyama iliyonse khalidwe limodzi lokha: fisi dyera, kamba kuyenda pang'onopang'ono, kalulu kuchenjera. Kenako funani mawu omveka ngati khalidwelo, makamaka aja timanena pofotokoza mayendedwe. Kamba amayenda nyang'anyang'a, ndiye dzina lapezeka kale: Nyang'anyang'a. Mukamalitchula muzilikoka, ana amve kuchedwako m'kamwa mwanu. Kalulu amafuna dzina lalifupi lodumpha, ngati Phyoli.

Pa fisi mpofunika kudekha. Ikani Chi- kutsogolo, chifukwa Chi- amakuza chinthu ndi kuchinyansitsa: Chimkhosi, Chidyera. Ine ndingasankhe Chimkhosi, poti mwana amauona mkhosiwo ukumeza fupa, pomwe dyera saliona ndi maso. Ka- amachepetsa, choncho musungireni kanyama komvetsa chisoni, monga mbewa Kanjenje yomwe imangonjenjemera.

Chenjerani ndi Na-. Kwathu kuno Nabanda, Naphiri ndi Nangozo ndi mayina aulemu a amayi, ndipo mukapatsa fisi wakuba dzina la mfunda wa munthu, mawa ana akamuseka nalo mnzawo kusukulu.

Pomaliza ayeseni madzulo ano. Mukati "Padangotero", iwo "Tili tonse", tchulani dzina lililonse katatu, muliikenso m'kanyimbo kowomba m'manja. Mawa m'mawa afunseni kuti wakuba nyama uja anali ndani. Dzina lomwe aiwala kapena kulipotoza, lisintheni. Ngati awiri akuwasokoneza, onani ngati mayinawo sakuyamba ndi liwu lofanana.