Tenanti akayamba kuchititsa lendi zipinda m'nyumba yanu: zoyenera kuchita mpaka kalata ya chenjezo

Sukulu ya ukachenjede ya UNIMA ikatsegulira, malo ogona ku Chikanda ndi madera oyandikira mumzinda wa Zomba amavuta, ndipo matenanti ena amaona mpata wopanga ndalama ndi nyumba ya eni. Tiyerekeze kuti munabwereketsa nyumba ya zipinda zitatu kwa bambo wina ndi banja lake pa K250,000 pamwezi. Banjalo lapanikizana m'chipinda chimodzi, ndipo m'zipinda ziwiri zotsalazo mwaikidwa ophunzira atatuatatu, aliyense akulipira K60,000. Bamboyo akutolera K360,000, akukupatsani K250,000, yotsalayo n'kuika m'thumba. Inu mwatsala ndi nyumba ya anthu ochuluka, chimbudzi chodzadza msanga ndi maloko achilendo pazitseko.

Musanalankhule ndi aliyense, tulutsani agirimenti muiwerenge. Mukufuna chiganizo chonena kuti tenanti asabwereketse nyumba kapena chipinda kwa munthu wina popanda chilolezo cholembedwa cha mwininyumba. Chikakhalapo, mwaima pabwino. Ambiri kuno tinangogwirizana pakamwa, kapena pepala lathu limangonena za lendi ndi dipoziti basi. Zikatero mukhoza kuletsabe, koma musapite mukukalipa kuti waphwanya pangano. Kumbukirani zomwe munauzana tsiku lolowa, kuti adzakhala ndi ndani, komanso amene analipo ngati mboni.

Kenako tsimikizani kuti anthuwo akulipiradi. Nyumba ya Mmalawi sisowa alendo. Mphwake wodzalemba mayeso kapena apongozi odzadikirira wodwala ku chipatala cha Zomba Central si a lendi. Zizindikiro za lendi n'zina: chitseko chilichonse chili ndi loko wakewake, mbaula zingapo pakhonde, nkhope zosintha teremu ikatha. Bilu ya madzi ya Southern Region Water Board imanenanso zambiri, choncho yerekezani ya miyezi itatu yapitayi ndi yakale. Mukafuna kuona m'nyumba, muuzeni tenanti tsiku ndi nthawi, ngakhale pa uthenga wa pafoni. Nyumba ndi yanu, inde, koma pamene akulipira lendi simungangolowa iye kulibe n'kuyamba kusuzumira m'zipinda.

Tsopano kambiranani awiri. Musachitire pabwalo pamaso pa ana ndi oyandikana nawo, chifukwa munthu wochititsidwa manyazi amakana ngakhale zoonekeratu. Yambani ndi funso: "Achimwene, ndaona kuti pakhomo pano pachuluka anthu. Amenewa ndi ndani, ndipo akukhala motani?" Mukafunsa, khalani chete ayankhe. Ena amavomera pomwepo kuti ntchito inatha ndipo lendi inayamba kuwalemera. Ena amati ndi abale. Akatero, funsani mayina, chibale chake ndi tsiku lomwe anyamuke. Wabodza amakodwa pa funso lachitatuli.

Pitani kumeneko mutadziwa kale chomwe mukufuna, poti njira zilipo ziwiri. Mukhoza kunena kuti anthuwo achoke pofika tsiku lakuti. Mukhozanso kuwalola, koma pa agirimenti yatsopano yotchula chiwerengero cha anthu, lendi yatsopano, ndi amene azilipira madzi ndi kupopetsa chimbudzi. Ine ndimaona kuti njira yachiwiriyi imayenda pokhapokha ngati tenanti wanena zoona osakakamizidwa. Munthu amene wakunamizani maso muli gwa sangasunge pangano lachiwiri.

Pali msampha umodzi womwe eninyumba ambiri amagweramo. Ophunzira aja akamva kuti mwininyumba weniweni ndinu, amabwera okha: "Bambo, tizingokupatsani inuyo pa Airtel Money kapena Mpamba." Musalandire. Pangano lanu lili ndi tenanti, ndipo mukalandira ndalama yawo zikhoza kuoneka ngati mwawavomereza kukhala matenanti anu, kuwachotsa n'kusanduka nkhani ina. Kungokhala chete miyezi yambiri mukulandira lendi, chonsecho mukudziwa zomwe zikuchitika, kumafooketsanso mlandu wanu, chifukwa tenanti adzati munkadziwa ndipo simunaletse. Ophunzirawo alankhuleni mwaulemu, poti ambiri sadziwa n'komwe kuti amene amawatcha landilodi nayenso ndi wa lendi. Nkhani ya ndalama zomwe analipiriratu ndi ya iwo ndi amene anawalowetsa.

Tsiku lomwelo mukakambirana, mutumizireni uthenga wobwereza zomwe mwagwirizana, mwachitsanzo kuti anthu asanu ndi mmodzi aja achoka pofika pa 31 Meyi. Sungani uthengawo ndi yankho lake. Tsikulo likadutsa popanda chosintha, lembani kalata.

Kalata ya chenjezo isakhale yaitali ndipo musatukwanemo. Pamwamba lembani tsiku, dzina lanu, dzina la tenanti, nambala ya puloti ndi dera. Thunthu lake likhoza kumveka chonchi:

"Bambo, pa agirimenti yomwe tinasayinirana pa 1 Febuluwale, ndime 5 ikuletsa kubwereketsa chipinda popanda chilolezo changa cholembedwa. Pa 10 Meyi ndinapeza kuti zipinda ziwiri mukukhala anthu asanu ndi mmodzi omwe akulipira kwa inu. Tinakambirana pa 12 Meyi ndipo munalonjeza kuti achoka pofika pa 31 Meyi, koma sanachoke. Ndikukupatsani mpaka pa 30 Juni kuti anthuwa achoke ndi kuti muchotse maloko omwe aikidwa pazitseko. Ndidzabwera kudzaona nyumba pa 1 Julayi nthawi ya 10 koloko m'mawa. Zikapanda kutero, ndidzakupatsani notisi yotuluka m'nyumba motsatira agirimenti, ndipo ngati kungafunike nkhaniyi ndidzaitengera kukhothi."

Onani kuti chilichonse chili ndi tsiku lake. Mawu ngati "posachedwapa" kapena "msangamsanga" sathandiza, chifukwa aliyense amawamva mwake. Ngati agirimenti ikutchula masiku okonzera cholakwa, tsatirani omwewo. Ngati sikutchula, mwezi wathunthu ndi woyenera, makamaka poti ophunzira sangapeze chipinda china pakati pa teremu m'masiku atatu. Ngati panalibe agirimenti yolembedwa, m'malo mwa ndime 5 lembani zomwe munagwirizana pakamwa ndi dzina la mboni. Musalembe kuti mudzazula zitseko, kusasula malata, kudula madzi kapena kutaya katundu panja. Tenanti akakana kutuluka, womutulutsa ndi khothi, ndipo kalata yoopseza idzawerengedwa pamaso pa majisitireti inuyo muli pomwepo.

Sindikizani makope awiri. Pitani ndi mboni yomwe si m'bale wanu, kaya mfumu ya m'dera lanu kapena munthu wina wodziwika pamalopo. Tenanti asayine kope lanu ndi kulemba tsiku lolandirira. Akakana kusayina, musakangane naye. Musiyireni kope lake, ndipo mboni ilembe pa lanu kuti kalata yaperekedwa tsiku lakuti, nthawi yakuti, koma mwiniwake wakana kusayina. Mukafika kunyumba jambulani kalatayo muitumizenso pa WhatsApp.

Tsiku loyendera likakwana, pitani ndi mboni yomweyo, onani chipinda chilichonse, werengani mita ya madzi ndi kujambula chilichonse chomwe chawonongeka, poti zimenezo ndi zomwe mudzagwiritse ntchito powerengera dipoziti. Mukapeza anthu akadalimo, tengani agirimenti, mauthenga, mabilu ndi kope losayinidwa lija mupite nazo kwa loya akuthandizeni kulemba notisi yotuluka, chifukwa notisi yolakwika masiku ikhoza kukubwezerani poyambira.