Momwe mungalembere kapepala kolengeza msika wa mtedza kuti ndi wowerenga movutika yemwe amve

Chaka chilichonse mtedza ukayamba kuuma m'minda, cha mu Meyi ndi Juni, gulu lathu la alimi kuno ku Mchinji limasindikiza timapepala todziwitsa anthu tsiku, malo ndi mtengo womwe tigulire mtedza. Ntchito yolemba timapepalati yakhala m'manja mwanga kwa zaka zingapo. Ambiri mwa alimi omwe timawalembera anasiyira sukulu m'makalasi oyambirira, ndipo ena kapepalako amakawerengetsa kwa mdzukulu madzulo, choncho chiganizo chilichonse chiyenera kumveka chikawerengedwa kamodzi, ngakhale mwachibwibwi.

Musanayatse kompyuta, lembani pa pepala mayankho a mafunso anayi okha: mukugula chiyani, pa mtengo wanji, tsiku liti, komanso kuti. Zina zonse, monga mbiri ya gulu, mayina a komiti ndi mawu othokoza mafumu, zisiyeni kuti zikanenedwe pa msonkhano.

Mukatero yambani kudulira mawu. Kapepala kathu koyamba kankayamba motere: “Chidziwitso chapadera kwa alimi onse olemekezeka a m'dera lino chokhudza kagulidwe ka mbewu ya mtedza.” Masiku ano mutu wake ndi mawu awiri basi, “Tikugula mtedza”, ndipo palibe mlimi amene anadandaulapo kuti sitinamulemekeze. Sankhani mawu omwe anthu amanena pa msika. Lembani “kilo” m'malo mwa “kilogalamu”, ndipo m'malo molongosola za kuchuluka kwa chinyontho, lembani “wouma bwino, wopanda chuku”. Chiganizo chisapitirire mawu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo chithere pa mzere womwewo. Chichewa chili ndi mawu aatali monga “tidzakulipirani”, ndipo kompyuta ikawadula pakati n'kutsitsira theka pa mzere wina, wowerenga movutika amaliona thekalo ngati liwu lina lachilendo, n'kuima pomwepo.

Pa manambala ndi pomwe ine ndinapsa, choncho ndilolereni ndikhalitsepo. Chaka china tinkagula mtedza wa mitundu iwiri, wosenda pa K1500 pa kilo ndi wamakoko pa K800. Ndinajambula tebulo laling'ono la mizere iwiri ndi madanga atatu monga timachitira mu lipoti la komiti, mitengo ndinailemba “K1,500.00/kg” ndi “K800.00/kg”, ndipo mawu akuti “wosenda” ndi “wamakoko” ndinawaika kumanzere m'zilembo zazing'ono. Kwa ine zinkaoneka zaudongo kwambiri. Tsiku la msika, kusanache bwino, panafika ngolo ziwiri ndi njinga zambiri zochokera mbali ya Kamwendo, zonse zitanyamula mtedza wamakoko, ndipo eni ake ankadziwa kuti mtengo ndi K1500. Bambo wina wachikulire anatulutsa kapepala m'thumba la malaya, n'kuloza nambala ya pamwamba ija, nati, “Achimwene, si inu munalemba izi?” Sanalakwitse chilichonse. Munthu amene sanazolowere tebulo sadziwa kuti ayenera kutsata mzere kuchoka kumanzere mpaka kumanja kuti alumikize liwu ndi nambala yake. Diso limagwera pa nambala yoyamba, n'kukhutira. Tinakhala m'mawa wonse tikupepesa, ndipo ena anabwerera ndi katundu wawo n'kukagulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira.

Kuyambira pamenepo tebulo ndinalisiya. Mtengo uliwonse umakhala m'bokosi lakelake, ndipo m'bokosimo mumakhala zinthu zitatu zogundizana: chithunzi cha mtedzawo, wamakoko kapena wosenda, liwu limodzi lotchula mtunduwo, ndi nambala yaikulu. Pakati pa mabokosi awiriwo pamakhala mpata woti chala chachikulu chikwanepo. Mtengo ndimaulemba K1500, popanda kachizindikiro ka koma pakati pa manambala ndiponso popanda maziro awiri a matambala, chifukwa anthu manambala anawazolowera pa ndalama zomwe amagwira tsiku ndi tsiku, ndipo maziro owonjezera amachititsa K800 kuoneka ngati K80000 kadontho kakafufutika pa fotokope. Chizindikiro cha “/kg” ndinachichotsanso, ndipo ndimalemba “pa kilo imodzi” ndi kachithunzi ka sikelo pambali, poti m'midzi yambiri anthu anazolowera kugulitsa pa ndowa, ndiye ukapanda kunena muyezo, aliyense amaganiza muyezo womwe iye amaudziwa. Ngati mungathe kugula mtundu umodzi wokha pa tsikulo, chitani zimenezo, pakuti kapepala ka mtengo umodzi sikanandivutitsepo.

Tsiku nalo likhale lomveka chimodzimodzi. Musalembe “5/6”, chifukwa wina adzati ndi pa 5 Juni pomwe wina adzati ndi pa 6 Meyi. Yambani ndi dzina la tsiku, mwachitsanzo “Lachinayi, pa 5 Juni, 7 koloko m'mawa”, poti anthu amakumbukira masiku a sabata kuposa madeti. Mawu akuti “mawa” kapena “sabata yamawa” asapezekepo, popeza kapepala kamatha kukhala pa mtengo wa pa chigayo kwa mwezi wathunthu. Malo muwatchule ndi chinthu chodziwika, monga “pa bwalo la sukulu, pafupi ndi mjigo”, ndipo nambala ya foni muigawe m'timagulu, manambala anayi, atatu ndi atatu, kuti woyimba asasochere pakati.

Za kayalidwe sindichulutsa. Pepala la A4 lidulidwe pakati kuti mupeze timapepala tiwiri ta A5. Gwiritsani ntchito mtundu umodzi wa zilembo zosakongoletsa, monga Arial. Mutu ndi mitengo zikhale pa saizi 48 kapena kuposa, mawu ena onse asatsike pa 18. Musalembe ziganizo m'zilembo zazikulu zokhazokha, chifukwa mawu onse amafanana maonekedwe ndipo amavuta kuwazindikira msanga. Zonse ziyambire kumanzere n'kutsika motsatana: mutu, mitengo, tsiku, malo, foni. Zithunzi zikhale zojambula ndi mizere yakuda, popeza chithunzi cha pa foni chimasanduka chibanthu chakuda chikadutsa mu fotokope.

Musanasindikize zambiri, tulutsani timapepala tisanu n'kupita nato pa chigayo kapena pa mjigo. Musafunse kuti “mwamva?”, chifukwa mwaulemu aliyense adzavomera. Funsani kuti, “Amayi, mutabwera ndi makilo khumi a wamakoko, mungalandire zingati, ndipo mungabwere tsiku lanji?” Ngati awiri mwa asanuwo aphonya, cholakwa chili pa kapepala, ndipo bwererani mukakonze.

Popita kosindikiza, tengani fayilo ya PDF osati ya Word, chifukwa kompyuta ya kumeneko ikhoza kusintha zilembo n'kusuntha mtengo kuchoka pa chithunzi chake. Ndi bwinonso kugula nokha rimu ya mapepala oyera, yomwe imakhala ndi mapepala 500 ndipo imatulutsa timapepala 1000, kenako n'kukambirana mtengo wa inki yokha. Mapepala achikasu ndi obiriwira amakwera mtengo. Pali malo ena pa boma pomwe anandikopera mapepala makumi awiri oyamba akuda bwino, otsala onse otuwa chifukwa inki inali itatha, ndipo ndinazindikira nditafika kale kumudzi, kotero yang'anani pakati ndi pansi pa mulu, ndipo muwerenge musanalipire.

Gawani timapepalato kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri, kudzera m'matchalitchi, m'mizikiti, kwa anyakwawa ndi pa tsiku la msika. Tokhoma panja tiikeni pansi pa khonde pomwe dzuwa silifika, pa msinkhu wa maso a munthu woimirira.