Momwe mungapezere tulo komanso kuchepetsa nkhawa mukamadwazika m'bale wanu kunyumba

Wodwala akatuluka m'chipatala achibale ambiri amaona ngati zatha, koma kwa amene watsala naye m'nyumba ntchito ndiye yayamba kumene. Titenge chitsanzo cha mayi amene anachita sitiroko, mbali imodzi sikugwira, ndipo anesi anena kuti azitembenuzidwa maawala awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda kumsana ndi m'chiuno. Munthu mmodzi akamachita yekha zimenezi usiku onse, sabata simatha, mutu umayamba kuwawa, amakwiya ndi zazing'ono, amayamba kusokoneza mankhwala.

Choyamba, gawanani usiku, ndipo nthawi yake itchulidwe. Zongoti "tizithandizana" pa gulu la WhatsApp la banja sizitembenuza munthu. Mukakhala awiri chitani chonchi: woyamba awatembenuze 10 koloko ndi 12 koloko, kenako akagone mpaka 6 m'mawa. Wachiwiri agone kuyambira 8 koloko madzulo, adzuke 2 koloko, ndiye za 2, za 4 ndi za 6 ndi zake. Aliyense wapeza maawala asanu kapena asanu ndi limodzi osadukiza. N'zoona kuti munthu wamkulu amafunika maawala 7 kapena kuposa, koma bola amenewa kusiyana ndi kumangodzidzimuka usiku onse, ndipo otsalawo mubwezere masana ndi katulo ka mphindi 20 kapena 30, osati madzulo kwenikweni chifukwa usiku mudzangoyang'ana kudenga. Amene ili nthawi yake yogona akagone chipinda china, mu neti, foni ili kutali. Kugona pamphasa pambali pa bedi la wodwala sikugona ayi, khutu limakhala lili pa mpweya wawo.

Nanga achimwene ali ku Joni aja? Ndalama akutumizazo ina ipite kwa munthu wobwera kudzachapa ndi kuphika masana kuti inu mupume, musachite nazo manyazi.

Chachiwiri ndi nkhawa yeniyeniyo, ija imakudzutsani 3 koloko mtima ukugunda, kumaganiza kuti kaya akupuma, kaya ndawapatsa mapilisi a BP aja. Zambiri zimachokera posadziwa kuti choopsa ndi chiti. Ndiye mukapita ku cheki-apu funsani adokotala kapena anesi mosapita m'mbali kuti, "Ndi zizindikiro ziti zoti ndikaziona ndithamange nawo, ndipo ndi ziti zoti zingadikire kucha?" Lembani m'kope. M'kope lomwelo muzichonga mankhwala mukangowapatsa, ndi nthawi imene mwawatembenuza. Maganizo akabwera usiku mumangoyang'ana m'kope, mwachonga, basi. Namba ya wa galimoto kapena wa kabaza wodalirika ikhalenso pachikuto.

Mtima ukapitirizabe kuthamanga, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6, kwa mphindi zingapo. Tulo tikakana kwa nthawi, dzukani mukakhale pampando mumdima, tikabwera mubwerere. Tiyi wamphamvu, khofi ndi ma enaji dirinki musiye kukatsala maawala 6 kuti mugone. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pausiku, ndipo mapilisi ogonetsa a wodwala kapena ogula pagolosale musamwe, mutha kulephera kudzuka akamakuitanani.

Chachitatu, thupi lanu. Odwazika ambiri amasiya mankhwala awo, a shuga, a BP, ma ARV, ati ndilibe nthawi yopita kukatenga. Ikani alamu pafoni, ndipo tsiku lanu la kuchipatala likhale pa ndandanda wa banja ngati la mayi lomwe. Idyani nthawi imene mukuwadyetsa, osadikira kuti agone kaye. Powatembenuza musawakoke manja, makamaka dzanja lofookalo, phewa limavulala. Yalani chitenje cholimba kapena shiti pansi pawo kuchokera m'mapewa mpaka m'ntchafu, pindani mawondo anu, msana uli chilili, muwakunkhunize ndi nsaluyo. Kuwakweza kumtunda kwa bedi kapena kuwaika pa wilitcheya yembekezani mukhale awiri.

Pali pena pofunika kuti inuyo mukaonane ndi achipatala. Mukatha masabata awiri muli wokhumudwa tsiku ndi tsiku, chakudya osachifuna, tulo osabwera ngakhale wina wakulandirani, kapena mwayamba kuwakalipira mayi ndi kuwagwira mwankhanza kenako n'kumalira nokha, pitani mukafotokoze momwe zililimu. Kuchipatala cha boma funsani anesi oona za matenda a maganizo, ndipo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a Saint John of God amene amapereka uphungu. Maganizo ofuna kudzipha akabwera musadikire masabata awiriwo, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo akuperekezeni kuchipatala, wina atsale ndi mayi.