Mtedza wanuwo mukugulitsa kwa ndani kwenikweni?

Alimi anzanga a m'makalabu kuno ku Mchinji, ndikafunsa kuti mtedza mugulitsa kwa ndani ambiri mumati "aliyense wobwera ndi ndalama". Ayi, ogula safanana. Venda wa sikelo pa Kamwendo kapena pa Mkanda amafuna wambiri, wotchipa, sasankha, amalipira pompo. Mayi wokazinga pa boma amagula chigoba chimodzi kapena ziwiri koma sabata iliyonse, ndipo amakonda Chalimbana wa maso akuluakulu. Ndiye pali makampani a chiponde ku Lilongwe, awa amafuna mtundu umodzi osati wosakaniza, wouma bwino, wopanda chuku, komanso wochuluka nthawi imodzi. Magulu atatu amenewo, ndipo kalabu imodzi singawasangalatse onse, sankhani gulu limodzi.

Tiyerekeze kalabu yanu ili ndi matumba 60 a CG7 woswa, a makilogalamu 50, ndipo mwasankha kampani poti ikupereka K1,900 pa kilo pomwe venda akuti K1,500. Musanasangalale yesani ganizolo pa zinthu zinayi: katundu, mtengo, malo ogulitsira ndi katsatsidwe.

Katundu kaye. Kodi mamembala onse anadzala CG7 yekhayekha? Nanga aja amawaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa? Madzi amenewo ndi amene amabweretsa chuku, kampani ikayeza n'kupeza poizoni wake imabweza galimoto yonse, osati thumba limodzi la wolakwayo.

Pa mtengo ndi pamene ambiri amanamizika. Kwa venda makilo 3,000 akupatsani K4,500,000 muli pakhomo. Ku kampani muyamba mwasankha, tinene kuti makilo 300 ndi onyala ndi osweka omwe mugulitse K800, otsala 2,700 apite pa K1,900, zonse pamodzi K5,370,000. Chotsanipo thiransipoti ya ku Lilongwe, mwina K300,000, ndi aganyu osankha K120,000, mutsala ndi K4,950,000. Phindu lilipo ndithu koma ndi K450,000, si miliyoni ija munkawerengera pansi pa mtengo wa mango. Ndiye funsaninso kuti amalipira liti, chifukwa ngati ndalama ikubwera patatha masabata angapo, membala yemwe akufuna fizi ya mwana azembetsa matumba ake usiku kupita kwa venda, matumba 60 aja n'kukhala 40, mgwirizano wagwa.

Malo: kampani ikubwera kudzatenga kapena mukapereka nokha? Zimenezi zilembedwe, komanso mupeze nyumba imodzi youma yosonkhanitsira, matumba akhale pa thandala osati pa simenti.

Kutsatsa mtedza ku kampani si kukuwa pa msika kapena kumata chikwangwani pa golosale. Tengani sampulo ya kilo imodzi, apampando ndi mlembi akaonane ndi woona zogula, pa Watsapu muzingotumiza zithunzi ndi kuchuluka kwa matumba.

Chimodzi mwa zinayizi chikakanika, makamaka katunduyo, chaka chino gulitsani kwa amayi okazinga ndi mavenda, kampani muikonzekere kuyambira pogula mbewu mu Novembala.