Musalole mnzanu akuikireni ndalama pa tikiti ya gulu

Chiyambireni nyengo yogulitsa zokolola chaka chino, m'makalabu a alimi a ku Mitundu, Nathenje ndi Mpingu, ngakhalenso pakati pa ogwira ntchito m'mafakitale a ku Kanengo, mwafala chizolowezi chosonkherana ndalama zobetchera mpira pa tikiti imodzi ya gulu. Ambiri mwa anthu amene ndawapeza ali m'ngongole chifukwa cha magulu amenewa si okonda juga ayi, ndipo ena sadziwa n'komwe mayina a matimu amene ndalama zawo zimapitako. Pafupifupi onse analowera khomo limodzi. Mnzawo anawauza kuti, "Achimwene, musadandaule, yanu ndakuikirani kale, mudzandibwezera mukalandira," ndipo iwo anangomwetulira n'kuthokoza.

Kuthokoza kumeneko ndiye kulakwitsa kumene ndikufuna tikambirane, chifukwa mavuto enawo amangotsatira pambuyo pake. Munthu akakufunsani ngati mukufuna kulowa m'gulu, mumakhala ndi mpata wokana. Koma akanena kuti wakuikirani kale, funso lasintha, pakuti tsopano nkhani yakhala yakuti kodi mumubwezera mnzanu ndalama yake kapena mumudyera. Tikiti ikafa Loweruka madzulo, Lolemba m'mawa mumakhala muli ndi ngongole ya chinthu chimene simunapemphe, ndipo tsiku limene mwaibweza, gulu lonse limatenga kuti mwavomera. Dzina lanu limalembedwa m'kope, nambala yanu imaikidwa pa gulu la pa foni, ndipo Lachisanu lotsatira palibenso wokufunsani maganizo, amangokukumbutsani kuti simunatumize. Onetsetsani kuti mawu amenewa kawirikawiri sanenedwa muli awiri. Amanenedwa pa chiimilire nthawi ya nkhomaliro, kapena msonkhano wa kalabu ukangotha anthu asanabalalike, ndipo amachuluka sabata ya malipiro kapena pamene soya ndi fodya zangogulitsidwa, nthawi imene aliyense akudziwa kuti m'thumba mwanu muli kanthu. Wonenayo akakhala kapitawo wanu kapena msungichuma wa kalabu, kukana kumalemera kwambiri.

Chimene chimanditopetsa ndi manyazi athu akalewa. Bambo wamkulu, amene amatha kukangana ndi venda kwa theka la ola pa nkhani ya sikelo, amalephera kuuza mnzake kuti sindinakutumeni, poopa kuti azinenedwa kuti ndi wodzikonda kapena woumira. Okopawo amadziwa bwino kufooka kumeneku. Amakuuzani kuti mutu umodzi susenza denga, kuti zimenezi n'chimodzimodzi ndi chipereganyu kapena banki m'khonde, ndipo anthu amavomera chifukwa mayina amenewa anawazolowera. Komatu pa chipereganyu, anthu khumi akamasonkha K5,000 aliyense, K50,000 yonse imapita kwa mmodzi wa iwo, ndipo pakatha masabata khumi aliyense amakhala atalandira zonse zimene anasonkha. Pa tikiti ya gulu K50,000 imatuluka m'gulumo n'kupita ku kampani, ndipo palibe tsiku lodziwika limene idzabwerere.

Tiyeni tiwerengere limodzi, popeza m'magulumu amawerenga za kupambana zokha. Tiyerekeze kuti anthu khumi aja asankha magemu khumi, ndipo pa gemu iliyonse atenga timu yamphamvu imene maodi ake, kutanthauza nambala imene amachulukitsa nayo ndalama yobetchayo timuyo ikapambana, ndi 1.50. Pa tikiti yotere maodi onse amachulukitsidwa, ndipo 1.50 akachulukitsidwa kakhumi amafika pafupifupi 58. Ndiye kuti K50,000 ikhoza kubweretsa pafupifupi K2,880,000, imene ikagawidwa aliyense alandira K288,000 msonkho usanachotsedwe. Nambala imeneyi ndi imene amakuonetsani pa foni, ndipo ndi yokopadi kwa munthu amene wangotulutsa K5,000. Chimene sakuonetsani n'chakuti magemu onse khumi ayenera kutheka monga mwalosera, osaphonya ndi imodzi yomwe. Maodi a 1.50 amatanthauza kuti timuyo ikuyembekezeka kupambana kawiri pa magemu atatu alionse, moti ngakhale kampani ikanakhala yosadyapo kanthu, tikiti yotere ikanatheka kamodzi pa matikiti 58, komwe ndi kudikira kopitirira chaka mukamabetcha sabata iliyonse.

Koma kampani imadyapo, ndipo phindu lake limabisika m'maodi momwemo, pakuti imalipira mocheperapo kusiyana ndi mwayi weniweni wa timuyo. Tiyerekeze kuti mwayi weniweni ndi 63 pa 100 m'malo mwa 67 pa 100. Kusiyanaku kumaoneka kochepa pa gemu imodzi, koma kukachulukitsidwa pa magemu khumi, tikitiyo imatheka pafupifupi kamodzi pa matikiti 100. Masabata 100 ndi pafupifupi zaka ziwiri, ndipo pa nthawi imeneyo aliyense m'gulumo adzakhala atasonkha K500,000 kuti mwina alandire K288,000 kamodzi. Kusonkherana sikusintha kanthu pa masamu amenewa. Anthu khumi akaphatikiza ndalama pa tikiti imodzi, mwayi woti itheke ndi womwewo ngati wa munthu mmodzi woika K500 yekha, kungoti otaya achuluka.

Palinso china chimene chimagwira anthu kwambiri kuposa chiyembekezo cha mamiliyoni, ndicho mawu akuti "yatiphera ndi timu imodzi yokha." Pa tikiti ya magemu khumi ngati imeneyi, kulondola magemu asanu ndi anayi n'kuphonya imodzi kumachitika pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa kupambana kumodzi kulikonse. Choncho gulu limene limabetcha sabata ndi sabata liyenera kuona zimenezi kangapo, ndipo sichizindikiro chakuti mwayandikira. Komabe Lolemba lotsatira ndi pamene wotsogolera amatumiza chithunzi cha tikiti ija, magemu otheka ali ndondondo, n'kunena kuti sabata ino tikweze ikhale K10,000 kuti tibweze zotayika. Amene akufuna kutuluka amauzidwa kuti gulu lidzapambana sabata yomwe iye watulukayo, ndipo adzalira yekha anzake akugawana. Mantha amenewa ndi amene amasunga anthu miyezi yambiri atasiya kale kukhulupirira kuti adzapeza kanthu.

Mlimi wina wa tomato wa cha ku Mitundu, amene amagulitsa kumsika wa Wakawaka, anandifotokozera zake titaima m'dimba lake, ndikumufunsa chifukwa chimene masamba anali odzaza ndi timizere ta mbozi pamene nthawi yopopera inali itadutsa. Anati, "Alangizi, ndalama ya mankhwala inapita kwa alamu anga." Alamu akewo, amene amamuthandiza kupeza galimoto yonyamulira madengu, anamuikira K3,000 sabata yoyamba, ndipo iye anabweza chifukwa sakanatha kukangana ndi munthu amene amamusungira malo kumsika. Kuchokera pamenepo alamuwo ankangochotseratu gawo la tikiti pa ndalama ya tomato asanamupatse. Mtengo utakwezedwa, anakabwereka ku banki m'khonde ya akazi ake ponena kuti ndi ya feteleza wobereketsa. Anandionetsa kope lake la za m'dimba, limene tinamuphunzitsa kulembamo chilichonse chotuluka, ndipo ndalama za tikiti sanalembemo ngakhale kamodzi, ati chifukwa sizinali kutuluka m'thumba mwake koma zinkachotsedwa zisanafike. Titaziwerenga pamodzi pa chikuto cha kopelo, zinakwana kugula mankhwala a nyengo yonse n'kutsalako ya mafuta a pampu.

Tikiti ikatheka pamabuka vuto lina limene anthu saliganizira polowa. Ndalama imalowa mu akaunti ya munthu mmodzi, yolembetsedwa pa dzina ndi nambala yake ya foni, kapena imaperekedwa kwa amene wabwera ndi kapepala kushopu. Kampani imadziwa munthu ameneyo basi, ndipo kope lanu la mayina ilibe nalo ntchito. Apa ndi pamene amene "anaikiridwa" amazindikira malo ake enieni, chifukwa tikiti ikafa amauzidwa kuti abweze, koma ikatheka amatha kuuzidwa kuti popeza anali asanapereke, gawolo ndi la amene anamuikira. Musanakhulupirire kuti K50,000 yonse inabetcheredwa, dzifunseni ngati munaonapo tikiti magemu asanayambe, ikuonetsa ndalama yonse. M'magulu ena tikiti imaonetsedwa magemu atatha, ndipo wosunga ndalama ndi yemweyo wosankha matimu, wobetcha komanso wolengeza zotsatira.

Tsono chochita n'chosavuta kunena ngakhale chimafuna kulimba mtima. Yankhani nthawi yomweyo, pamaso pa anthu omwewo amene amva, osadikira kuti magemu aseweredwe: "Zikomo achimwene, koma ine sindibetcha. Gawo limenelo likhale lanu, ikatheka mudye nokha, ikafa musandiwerengere." Mukadikira mpaka tikiti itafa, kukana kwanu kumaoneka ngati kuthawa ngongole. Tumizaninso mawu omwewo pa foni kuti pakhale umboni wa tsiku ndi nthawi. Musanene kuti lero mulibe ndalama, chifukwa yankho limenelo ndi limene limaitana kuti akuikireni, ndipo musalonjeze za mwezi wamawa. Musayambenso kuwalalikira kapena kutsutsana nawo za matimu, pakuti pamenepo adzakugonjetsani. Ngati munalowa kale, werengani zimene muli nazo ngongole, lipirani kamodzi pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga utsale, nenani kuti imeneyo ndi yomaliza, kenako tulukani pa gulu la pa foni. Zimene munataya kale musazitsatire.

Wokukakamizani akakhala kapitawo amene amagawa ntchito kapena maovataimu, sungani mauthenga ake ndipo mukadziwitse oyang'anira antchito kapena a bungwe la apantchito. Kukalabu, pemphani kuti zilembedwe m'malamulo kuti ndalama ya kalabu kapena ya zokolola za membala isachotsedwe pa china chilichonse mwini wake asanasaine. Ndalama ya mbewu ndi feteleza ichoke pa foni sabata yomwe mwagulitsa, mugule zipangizozo kapena muisunge kumene simungaitenge Lachisanu madzulo. Malamulo salola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, choncho musatume ana kukadula tikiti ya gulu, ndipo madandaulo okhudza makampani obetchera amapita ku bungwe la MAGLA, limene limayang'anira masewerawa pansi pa lamulo la 2022. Amene wafika pobwereka katapila, kunamiza akunyumba kapena kusowa tulo chifukwa cha tikiti, apite kuchipatala chimene ali nacho pafupi akapemphe kuonana ndi aphungu a za maganizo, ndipo atenge mkazi wake kapena m'bale amene angamusungire ndalama kwa miyezi ingapo.