Musanachite apilo, werengani chigamulo cha bwalo la milandu ya pantchito modekha

Wantchito amene walandira chigamulo chosamukomera kubwalo la milandu ya pantchito, kaya ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, ayenera kudziwa kuti Bwalo Lalikulu silizenganso mlanduwo kuyambira pachiyambi. Gawo 65 la lamulo la ubale wa pantchito la 1996 limalola apilo pokhapokha ngati bwalo lalakwitsa potanthauzira kapena potsata lamulo, kapena laweruza nkhani imene linalibe mphamvu zoiweruza, ndipo apiloyo iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku la chigamulo.

Tiyerekeze dalaivala amene wagwira ntchito zaka 7 pa malipiro a K200,000 pamwezi, ndipo wachotsedwa chifukwa chojomba masiku atatu. Iye akuti adatsanzika kwa kapitawo, koma kapitawoyo wakana pamaso pa bwalo. Bwalo lakhulupirira kapitawo, nkugamula kuti chifukwa chomuchotsera chinali chomveka. Komabe lapeza kuti bwana sadamuyitane kuti adzanene mbali yake, monga likufunira gawo 57 la lamulo la za ntchito la 2000, choncho lati adachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo lamupatsa chipepeso cha K350,000.

Chimene chimamuwawa kwambiri munthu wotere ndi kuonedwa ngati wabodza, ndipo ululu umenewo ndimaumvetsa. Koma funso loti wanena zoona ndani ndi la umboni, ndipo bwalo limene lidaona ndi kumva mboni ndilo lili ndi mawu omaliza. Apilo yongotsamira pamenepo kawirikawiri imagwa, munthu atataya kale ndalama za mayendedwe ndi za loya.

Poyenera kuyang'anitsitsa ndi pa chipepesocho. Gawo 63 la lamulo la za ntchito lija limaika mlingo wotsikitsitsa: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, koma a masabata awiri kwa amene wapitirira zaka 5 osadutsa 10. Kwa dalaivala uja, masabata awiri ndi pafupifupi K100,000, ndiye pa zaka 7 chipepeso sichiyenera kuchepera pafupifupi K700,000. K350,000 ija ikusonyeza kuti bwalo lawerengera sabata imodzi pachaka, mlingo umene suli wake, ndipo kumeneku ndi kulakwitsa lamulo. Chikanakhala kuti lapereka K700,000 iye nkungoona kuti yachepa, apilo yake ikanavuta, chifukwa gawo lomwelo limalola bwalo kuganizira mmene wantchito mwini adathandizira kuti achotsedwe.

Choncho pitani ku ofesi ya bwalolo mukatenge chigamulo cholembedwa, mulembe mzere pansi pa ndime imene yatchula zaka zanu, malipiro anu ndi gawo la lamulo limene latsatidwa, kenako mukachionetse kwa loya, ku bungwe lanu la apantchito, kapena ku ofesi ya boma yothandiza osowa pa milandu. Muchite zimenezi sabata yoyamba yomweyo, popeza kulemba zifukwa za apilo kumadya nthawi.