Musagule Raspberry Pi kuti muzingoyatsira pampu

Mukuyamba kumene? Yesani izi pa Arduino Uno: dulani magetsi, kenako mulumikizenso. Uno, yomwe ndi kabolodi kokhala ndi maikrokontirola, kachipangizo koyendetsa pulogalamu imodzi yokha, imayambiranso pulogalamu yake imodzi ija pasanathe masekondi ochepa, ndipo palibe chaonongeka. Memori yogwirira ntchito ya mtundu wake wa R3 ndi makilobaiti 2 okha, koma ndi yokwanira kuwerenga chinyezi cha dothi n'kuyatsa pampu kudzera pa rilei, swichi yoyendetsedwa ndi magetsi.

Raspberry Pi ndi kompyuta yathunthu pa kabolodi kamodzi. Imayamba yadzutsa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo, kuchokera pa memori khadi, ndipo mukaithimitsa mwadzidzidzi, mafailo a pakhadipo akhoza kuonongeka, osayakanso. Kumene magetsi amathimathima, limeneli ndi vuto lenileni. Igulenitu ngati mukufuna kamera, sikirini kapena mapulogalamu angapo nthawi imodzi.

Chenjeraninso: mapini a Pi olumikizirapo zipangizo zina amalandira magetsi a mavoliti 3.3 okha. Mukawapatsa mavoliti 5 a Uno, akhoza kupsa.